Manambala okana kuwonkhetsedwa mu Excel: njira iti ikuyenera vuto liti?

Fomula ya `SUM` ikabweza 0 pansi pa kolamu yodzaza ndi manambala, aliyense amadziwa kuti pali vuto, ndipo amayamba kufufuza. Choopsa kwenikweni ndi pamene yabweza chiwerengero chooneka chabwinobwino, koma itasiya ena mwa manambalawo osawawerenga. Excel sadandaula, salemba chenjezo lililonse pa chiwerengerocho. Selo iliyonse imene iye akuiona ngati mawu amangoidumpha mwakachetechete, ndipo lipoti limapita ku komiti lili loperewera.

Njira zokonzera vutoli zilipo zingapo, ndipo anthu ambiri amakakamira imodzi imene anaiphunzira koyamba. Koma chimene chasandutsa nambala kukhala mawu sichikhala chimodzimodzi nthawi zonse, ndipo njira iliyonse ili ndi matenda ake amene imachiza ndi ena amene imawalephera. Kuti tizione bwino, tiyeni tigwiritse ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira pano mpaka kumapeto.

Tiyerekeze kuti msungichuma wa kopaletivi ya alimi akulemba ndalama zimene mamembala abweza pa ngongole ya feteleza. Zina walemba yekha, zina wakopa kuchokera pa sitetimenti ya ndalama za pafoni, zina watumiziridwa ndi mlembi wa kalabu ina. Kolamu C ikuoneka motere:

```
C2   15000
C3   7500
C4   MK12,000
C5   20000
C6   9000
C7   5O00
```

Mukawerengera pamanja, ndalama zonse ndi K68,500. Koma `=SUM(C2:C7)` ikupereka 24000. Manambala enieni ndi awiri okha, C2 ndi C6. Anayi enawo ndi mawu, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chake. C3 inalembedwa mu selo imene inali itaikidwa kale pa `Text`. C4 ili ndi zilembo za MK kutsogolo. C5 ili ndi mpata wosaoneka kumapeto kwake, umene unabwera pokopa kuchokera pa tsamba la pa intaneti. Pa C7 mlembi uja anadina chilembo O m'malo mwa ziro. Mukasanja kolamu imeneyi kuyambira yaing'ono, Excel amaika manambala enieni poyamba, 9000 ndi 15000, kenako mawu aja amawandandalika pansi potsata chilembo choyamba: 20000, 5O00, 7500, MK12,000. Ndiye chifukwa chake mumapeza 20000 ili pamwamba pa 7500, kapena m'kolamu ina 1, 10, 100 kenako 2.

Musanakonze, werengani odwala

Anthu ambiri amayang'ana kumene nambala yatsamira: manambala enieni amatsamira kumanja kwa selo, mawu amatsamira kumanzere. Chizindikirochi n'chabwino pokhapokha ngati palibe amene anakongoletsa tebulolo poika zonse pakati, zimene amalembi ambiri amakonda kuchita. Kachizindikiro kobiriwira ka pakona ya selo nakonso sikodalirika. M'chitsanzo chathu kangaoneke pa C3 pokha, chifukwa Excel amakaika pamene watsimikiza kuti mawuwo akanatha kukhala nambala. Komanso munthu amatha kukazimitsa podina `Ignore Error`, vuto likadalipo.

Chodalirika ndi mafomula awiri awa, mu maselo awiri opanda kanthu:

```
=COUNT(C2:C7)
=COUNTA(C2:C7)
```

Yoyamba imawerenga maselo a manambala enieni okha, yachiwiri imawerenga selo iliyonse imene muli kanthu. Apa zipereka 2 ndi 6. Kusiyana kwake, 4, ndiwo maselo odwala. Musawafufute mafomulawa mpaka mutamaliza, chifukwa ndi amene adzakuuzeni ngati njira imene mwasankha yagwiradi ntchito. Ziwerengero ziwirizi zikafanana, mwamaliza. Zikapanda kufanana, pali selo imene yatsalira ngakhale tebulo likuoneka laukhondo.

Kuti muwaone maselowo m'kolamu yaitali, sankhani manambalawo kupatula mutu wa kolamu, dinani F5, kenako `Special`, `Constants`, n'kusiya chonga pa `Text` pokha. Excel asankha maselo a mawu okhaokha, ndipo mukhoza kuwapaka mtundu wachikasu kuti musawasowe.

Chinthu chinanso chimene chimasocheretsa anthu: mukalemba `=C2+C3` mupeza 22500, yankho lolondola, ngakhale C3 ndi mawu. Chizindikiro cha kuphatikiza chimakakamiza mawu ooneka ngati nambala kuti asanduke nambala pa nthawi yowerengerayo, pamene `SUM` sachita zimenezo. Choncho kuyesa ndi chizindikirochi sikutsimikiza kuti selo ili bwino.

Kusintha maonekedwe a selo: njira imene siigwira yokha

Pafupifupi aliyense amayambira apa. Amasankha kolamu, kusintha kuchoka pa `Text` kupita pa `Number`, n'kudabwa kuti palibe chasintha. Chifukwa chake n'chakuti maonekedwe a selo ali ngati chikwangwani cha pa thumba: mukafufuta mawu akuti gaga n'kulembapo kuti ufa, za m'thumbamo sizisintha. Excel amasankha ngati chinthu ndi nambala kapena mawu pa nthawi imene chikulowetsedwa. Mukasintha maonekedwe, muyenera kulowanso mu selo ndi F2 n'kudina Enter kuti achiwerengenso mwatsopano. Pa maselo atatu kapena asanu zimenezi n'zokwanira. Pa mizere mazana ndi kudzizunza.

Komabe sitepe imeneyi musaitaye. Kuika kolamu pa `General` musanayambe njira zina zonse zotsatirazi kumachotsa zodabwitsa zambiri.

Njira zitatu zachangu

Yoyamba ndi ya kachizindikiro kobiriwira kaja. Sankhani maselo kuyambira pa selo imene ili ndi kachizindikiroko, dinani kabokosi ka chenjezo kamene katulukire pambali, n'kusankha `Convert to Number`. Mukayambira pa selo yabwinobwino kabokosiko sikatuluka, ndipo ambiri amaganiza kuti njirayi yakana. Imachiza maselo amene anali pa `Text` ndi amene ali ndi nkhodolero kutsogolo, ngati `'7500`. M'chitsanzo chathu ikonza C3 yokha, ndipo chiwerengero chikwera kufika pa 31500. Apa ndi pamene anthu ambiri amanyengeka: zobiriwira zonse zatha, chiwerengero chasintha, ndiye basi ntchito yatha. Koma `COUNT` ikuti 3, osati 6. Pa mizere zikwi zambiri, makamaka ngati fayilo ili ndi mafomula ochuluka, njirayi imachedwanso kwambiri moti kompyuta imaoneka ngati yauma.

Yachiwiri ndi yochulukitsa ndi 1. Lembani 1 mu selo yopanda kanthu, ikopeni, sankhani maselo odwala, dinani Ctrl+Alt+V, sankhani `Values` ndi `Multiply`, kenako `OK`. Ubwino wake ndi wakuti imagwira makolamu ambiri nthawi imodzi, ndipo siidalira kachizindikiro kobiriwira. Ili ndi mbuna ziwiri. Maselo opanda kanthu amene ali pakati pa osankhidwawo amasanduka 0, ndipo pamenepo membala amene sanabweze kalikonse amawerengedwa ngati wabweza K0. `SUM` sisintha, koma `AVERAGE` imatsika ndipo `COUNT` imakwera. Mbuna inayo ndi yakuti mukaiwala kusankha `Values`, maonekedwe a selo ya 1 ija amafalikira paliponse, n'kufufuta mitundu ndi mizere ya tebulo lanu.

Yachitatu, imene ine ndimaikonda pa zitatuzi, ndi `Text to Columns` ya pansi pa `Data`. Inapangidwira kugawa kolamu imodzi kukhala zingapo, koma pogawapo imawerenganso selo iliyonse ngati ikulowetsedwa kumene. Mumasankha kolamu, kuitsegula, n'kudina `Finish`. Ndi yachangu ngakhale pa mizere yambirimbiri, siisandutsa maselo opanda kanthu kukhala ziro, koma imagwira kolamu imodzi pa nthawi. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: imakumbukira chogawira chimene munagwiritsa ntchito komaliza. Ngati m'mawa munagawa mayina pogwiritsa ntchito mpatuliro, ndipo chonga chikadali pa `Comma`, MK12,000 idzang'ambika pakati: MK12 mu kolamu C, zotsalazo mu kolamu D, pamwamba pa zimene zinalimo. Excel amafunsa asanafufute, koma munthu wofulumira amangodina `OK`. Choncho m'malo mothamangira `Finish`, dinani `Next` muone kuti chonga chili pa `Tab` pokha.

Mphamvu yeniyeni ya njirayi yabisala pa sitepe yachitatu, pa batani la `Advanced`. Pamenepo pali chonga cha `Trailing minus for negative numbers`, chothandiza pa malipoti a mapulogalamu ena a akaunti amene amalemba chizindikiro cha kuchotsera kumapeto, ngati 1500-. Pomwepo mumauzanso Excel chizindikiro chimene fayiloyo ikugwiritsa ntchito posiyanitsa makwacha ndi matambala, nkhani imene tiifike posachedwa.

Njira zitatu zonsezi zimakanika pa C4, C5 ndi C7. Zimangomupatsa Excel mwayi wachiwiri wowerenga zimene zili mu selo. Ngati muli chinthu chachilendo, amachiwerenga kachiwiri n'kukananso.

Mpata wosaoneka

C5 ndiyo imapweteketsa mutu, chifukwa diso silingaone cholakwika. Ifunseni selo yomweyo:

```
=LEN(C5)
=CODE(RIGHT(C5,1))
```

Nambala 20000 ili ndi zilembo zisanu, koma `LEN` ipereka 6. Fomula yachiwiri ikuuzani chilembo chomaliza kuti n'chiyani. Ikapereka 32, ndi mpata wamba wa pa kiyibodi. Ikapereka 160, ndi mpata wa mtundu wina umene masamba a pa intaneti amagwiritsa ntchito kuti mawu awiri asalekanitsidwe pa mapeto a mzere. Umapezeka kawirikawiri m'zinthu zokopedwa pa masitetimenti a pa intaneti, m'maimelo, ndi m'mafayilo amene dzina lake limatha ndi `.xls` koma m'kati mwake ndi tsamba la pa intaneti. Ngati mukukayikira kuti uli kutsogolo, sinthani `RIGHT` kukhala `LEFT`.

Malangizo ofala akuti gwiritsani ntchito `TRIM` sathandiza apa. `TRIM` imachotsa mpata wa 32 wokha, ndipo `CLEAN` imachotsa zilembo zosasindikizika za pakati pa 0 ndi 31. Wa 160 amaupyola onse awiri. Pali njira ziwiri zouchotsera.

Ya `Find and Replace`, imene imatseguka ndi Ctrl+H, ndi yachangu. M'bokosi la `Find what` mumafunika kuikamo mpata womwewo. Pa kiyibodi yokhala ndi manambala a kumanja, gwirani Alt n'kulemba 0160. Malaputopu ambiri alibe manambala amenewo, ndiye chosavuta ndi kulowa mu C5 ndi F2, kusankha kampata ka kumapetoko ndi Shift ndi muvi wakumanzere, kukakopa, kutuluka ndi Esc, n'kukamata m'bokosimo. Bokosi la `Replace with` lisiyeni lopanda kanthu, dinani `Replace All`. Excel akamasintha selo amaiwerenganso, ndiye ngati kolamu ili pa `General`, C5 isanduka nambala pomwepo, ndipo chiwerengero chifika pa 51500. Bwerezani ndi MK, ndipo C4 ikhala 12,000 yeniyeni: 63500.

Sankhani kolamu C musanadine `Replace All`. Mukapanda kutero Excel amasesa tsamba lonse, ndipo sasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono pokhapokha mutamuuza. Ngati ndalama zinalembedwa ndi K yekha kutsogolo, ndipo mwachotsa K pa tsamba lonse, mudzapeza Kasungu wasanduka asungu ndipo Karonga wasanduka aronga m'kolamu ya maboma.

Kuipa kwa njira imeneyi n'kwakuti siisiya mapazi. Zimene zinalembedwa poyamba zapita, ndipo wofufuza mabuku akadzafunsa kuti selo iyi inali bwanji, mulibe chomuonetsa. Pa ndalama za anthu, ndi bwino kukopa tsamba lonse kaye musanayambe.

Fomula mu kolamu yothandizira

Njira yachiwiri yochotsera zinyalalazi ndi kusiya kolamu C momwe ilili, n'kulemba fomula mu kolamu yatsopano pambali pake:

```
=VALUE(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(C2,CHAR(160),""),"MK",""))
```

Iwerengeni kuchokera m'kati. `SUBSTITUTE` yam'kati ikuchotsa mpata wa 160, yakunja ikuchotsa MK, ndipo `VALUE` ikusandutsa zotsalazo kukhala nambala. Mukaikokera pansi, mizere isanu ipereka manambala oyera, koma ya C7 ipereka `#VALUE!`. Ichi ndicho chimene chimaika njirayi patsogolo pa zonse zimene tatchula: ndi yokhayo imene imakuwa ikalephera. Zina zija zimasiya 5O00 ili chete pakati pa anzake. Iyi imakulozerani mzere weniweniwo, mumauyang'ana, mumaona O uja, mumalemba 5000, ndipo chiwerengero chimafika pa 68500.

Pa chifukwa chomwechi, musaikute fomulayi ndi `IFERROR` yobweza 0 pofuna kuti tebulo lioneke bwino. Mukatero mwabwerera ku vuto lomwe munayamba nalo, K5,000 ya mlimi yasowanso mwakachetechete, tsopano ndi dzanja lanu. Ngati mukufuna kuti `SUM` isakanike pamene mukukonza, bwezani mawu oti ONANI m'malo mwa ziro, kenako muwasefe.

Tizinthu tingapo timasokoneza apa. `SUBSTITUTE` imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndiye Mk kapena mk sizichotsedwa. Kuika `UPPER(C2)` pa malo a C2 kumathetsa zimenezo. Selo yopanda kanthu ikadutsa mu fomulayi imapereka `#VALUE!`, zimene si vuto lenileni koma zimachulukitsa phokoso. Pa kompyuta ya Mac ndi bwino kulemba `UNICHAR(160)` m'malo mwa `CHAR(160)`. Ndipo mukalowetsa kolamu yatsopano kumanja kwa kolamu ya `Text`, imatengera maonekedwe a mnzakeyo, moti fomula yanu imangooneka ngati mawu osawerengera kanthu. Iikeni pa `General`, dinani F2 ndi Enter. Mukakhutira ndi zotsatira, kopani kolamuyo n'kuimata ngati `Values` musanafufute kolamu yakale, apo ayi zonse zisanduka `#REF!`.

Mafomula amenewa amagwiranso ntchito mu Google Sheets ndi mu LibreOffice Calc, ndipo kwa amene akugwira ntchito pa foni, kumene mabatani ambiri a pa kompyuta kulibe, iyi ndiyo njira yodalirika.

Fayilo yabwino kwa mnzanu, yodwala kwa inu

Pali mtundu wina wa vutoli umene suchokera mu fayilo koma mu kompyuta. Ku Malawi kuno ndi ku Zambia timalemba 1,250.50: mpatuliro wa zikwi, kadontho ka matambala. M'Chipwitikizi cha ku Mozambique matambala amasiyanitsidwa ndi mpatuliro, 1250,50, ndipo Windows yoikidwa pa `English (South Africa)` imachitanso chimodzimodzi, n'kumalekanitsa zikwi ndi mpata. Excel amatsatira zimene Windows yaikidwa. Choncho laputopu imene m'bale wakutumizirani kuchokera ku Joni, ngati dera lake silinasinthidwe, idzaona 1250.50 ya mu fayilo ya CSV ngati mawu. Chizindikiro chodziwira kompyuta yotere n'chakuti mafomula ake amafuna `;` pamene ena timalemba `,`.

Kukana kumeneko n'kwabwinoko. Choipa ndi pamene yavomera molakwika. Pa kompyuta yotere, 12,000 imawerengedwa ngati 12 ndi maziro atatu a pambuyo pa matambala, ndiye kuti K12. Selo imatsamira kumanja, `COUNT` imaiwerenga, palibe chobiriwira chilichonse, koma ndalama zachepa kambiri chikwi. Mayeso athu a `COUNT` ndi `COUNTA` sangagwire zimenezi. Chimene chimagwira ndi kuyerekeza chiwerengero chanu ndi cha pansi pa sitetimenti, kapena kuyang'ana `MIN` ndi `MAX` za kolamuyo n'kudzifunsa ngati pali membala amene angabweze K12 pa ngongole ya feteleza.

Apanso ndi pamene `Find and Replace` imavulaza. Mnzanu wa ku Tete akakutumizirani 1250,50 ndipo inu mwachotsa mipatuliro yonse poganiza kuti ndi ya zikwi, mupeza 125050.

Mankhwala ake ndi kumuuza Excel momwe fayiloyo inalembedwera, osati kumusiya alote. `Advanced` ya mu `Text to Columns` ija imachita zimenezi pa maselo amene akadali mawu. Pa fomula, kuyambira Excel 2013 pali `NUMBERVALUE`, imene mumaiuza chizindikiro cha matambala kenako cha zikwi:

```
=IF(ISNUMBER(C2),C2,NUMBERVALUE(C2,",","."))
```

Iyi ndi ya fayilo yolembedwa ngati 1.250,50 yotsegulidwa pa kompyuta yathu. `IF` wa kutsogoloyo musamuchotse. Popanda iyeyo, selo imene ili kale nambala yeniyeni, monga 80.5, idzatengedwa ngati mawu, kadontho kake kadzaonedwa ngati ka zikwi n'kutayidwa, ndipo mudzapeza 805. Ngati vuto ndi kompyuta yanu osati fayilo, kusintha dera pa `Region` mu Windows kumathetsa nkhani kamodzi n'kamodzi, ngakhale manambala amene analowa kale molakwika muyenera kuwalowetsanso kuchokera ku fayilo yoyambirira.

Ngati fayilo yomweyo imabwera mwezi uliwonse

Zonse zimene tanenazi n'za ntchito ya tsiku limodzi. Koma msungichuma amene amalandira sitetimenti ya mtundu womwewo mwezi ndi mwezi adzatopa nazo, ndipo tsiku lina adzaiwala sitepe imodzi. Kwa iyeyu pali Power Query, imene kuyambira Excel 2016 ili m'kati mwa `Data`. M'malo motsegula CSV poidina kawiri, mumapita pa `From Text/CSV`, kenako `Transform Data`. Mukafika m'menemo, yang'anani kumanja mndandanda wa masitepe, ndipo mufufute imene yalembedwa `Changed Type`, chifukwa pamenepo pulogalamu yalota yokha mtundu wa kolamu iliyonse. Kenako pa kolamu ya ndalama gwiritsani ntchito `Replace Values` kuchotsa MK ndi mpata wa 160 uja, umene mumaupeza pa `Advanced options` pansi pa dzina la `Non-breaking Space`. Pomaliza dinani kumanja pa mutu wa kolamu, `Change Type`, `Using Locale`, n'kusankha `Decimal Number` ndi dera limene fayiloyo inalembedwera. Masitepe onsewa amasungidwa. Mwezi wamawa mumangoika fayilo yatsopano pa malo omwewo ndi dzina lomwelo, n'kudina `Refresh All`.

Kuphunzira kwake kumatenga kanthawi, ndipo pa tebulo la mizere makumi awiri n'kuwononga nthawi. Ilinso ndi kachinyengo kake. Selo ngati 5O00 imaoneka `Error` muli m'kati mwa Power Query, koma ikafika pa tsamba la Excel imakhala yopanda kanthu. Chiwerengero cha zolakwikazo chimalembedwa pambali, pa `Queries & Connections`, pamene anthu ambiri sayang'ana. Zolowerani kuyang'anapo mukangodina `Refresh All`.

Ndiye musankhe iti?

Ngati maselo onse odwala ali ndi kachizindikiro kobiriwira ndipo ndi ochepa, `Convert to Number` yakwana. Ngati ndi kolamu imodzi yaitali, `Text to Columns`. Yochulukitsa ndi 1 ndingaisungire pamene makolamu ndi ambiri ndipo mulibe maselo opanda kanthu. Mukayesa imodzi mwa zimenezi ndipo `COUNT` ikadali pansi pa `COUNTA`, musayesenso zinzakezo, chifukwa zidzalephera pa maselo omwewo. Pitani pa `LEN` ndi `CODE` mukaone chimene chabisala. Pa ndalama zimene wina adzafufuze, ine ndingasankhe fomula mu kolamu yothandizira ngakhale ili yochedwa kuposa `Find and Replace`, chifukwa zoyambirira zimatsala pambali ndipo cholakwika chilichonse chimadziulula. Ngati pali PivotTable yodalira kolamuyo, kumbukirani kuidina `Refresh` mukamaliza, apo ayi ipitiriza kuonetsa zakale.

Ponena za kusanja, Excel nthawi zina amatulutsa `Sort Warning` n'kukupatsani mwayi wa `Sort anything that looks like a number, as a number`. Mukavomera, mizere imasanjika bwino, koma maselowo akadali mawu ndipo `SUM` idzawadumphabe.

Manambala oyenera kukhala mawu

Si kachizindikiro kobiriwira kalikonse kofunika kuchotsedwa. Mu tebulo la kopaletivi lomwelo muli kolamu ya mafoni a mamembala. Nambala yoyamba ndi 099 kapena 088 mukaisandutsa nambala yeniyeni, ziro woyambayo amachoka. Yoyamba ndi +265 imataya chizindikiro chake. Manambala a maakaunti a ku banki, a mamita, ndi a malisiti oyamba ndi maziro amawonongeka mofananamo. Manambala aatali amapweteka koposa. Excel amasunga madijiti 15 okha, ndipo otsatirawo amawasandutsa maziro. Tokeni ya magetsi ili ndi madijiti 20, ndiye mukaisandutsa nambala, asanu omaliza amatayika, ndipo mukangosunga fayilo n'kuitseka palibe fomula imene ingawabweze. Funso lodzifunsa n'lakuti: kodi ndingafune kuwonkhetsa kolamu imeneyi? Ngati yankho ndi ayi, isiyeni pa `Text`, ndipo pochulukitsa ndi 1 musasankhe tsamba lonse.

Zikatere vuto limatulukira kwina. Muli ndi manambala a mamembala pa masamba awiri, kwina ndi mawu, kwina ndi manambala enieni, ndipo `VLOOKUP` ikupereka `#N/A` ngakhale maso anu akuona 1045 mbali zonse ziwiri. Simufunika kusintha tsamba lililonse. Sinthani chimene mukufunafunacho m'kati mwa fomula. Ngati tebulo lofufuzamo lili ndi mawu, ndipo A2 ndi nambala yeniyeni, ilumikizeni ndi mawu opanda kanthu. Ngati ndi mosemphanitsa, ichulukitseni ndi 1:

```
=VLOOKUP(A2&"",Mamembala!A:C,3,FALSE)
=VLOOKUP(A2*1,Mamembala!A:C,3,FALSE)
```

Yoyambayo imalephera pamene tebulo lili ndi maziro akutsogolo, ngati 01045, chifukwa `A2&""` imapereka 1045 wopanda ziro. Pamenepo lembani `TEXT(A2,"00000")` m'malo mwake, maziro a mu fomulawo akhale ochuluka mofanana ndi madijiti a nambala ya membala.